Kuwerengetsa mawu a m'nkhani yaitali: kapulogalamu ka Python ndi vuto la nkhodolero

Tiyerekeze kuti muli ndi zolembedwa zamasamba 60 zochokera pa misonkhano ya asodzi ya ku Makawa, Malembo ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Zonse zinataipidwa m'Chichewa, ndipo apa ndi apo muli mawu a Chiyao monga amayankhulira anthu a kuno ku Mangochi. Mukufuna mndandanda wa mawu onse amene ali m'menemo, liwu lililonse kamodzi, pambali pake pakhale nambala yosonyeza kuti latuluka kangati. Mphunzitsi wokonza timabuku ta ana a Sitandade 2 amafunanso mndandanda wotere, kuti adziwe mawu oyamba kuwaphunzitsa. Kompyuta imamaliza ntchitoyi pa kamphindi, ndipo kapulogalamu kake sikafika mizere 15.

Kuwerengako pakokha sikuvuta. Chovuta n'chakuti kompyuta sidziwa kuti liwu n'chiyani. Imaona zilembo, mipata ndi zizindikiro zitandondozana, ndipo pamene liwu layambira ndi pamene lathera muyenera kuiuza ndinu. Njira zambiri zimene anthu amakopera zinalembedwa poganizira Chingerezi. Mukazigwiritsa ntchito pa Chichewa zimatulutsa manambala ooneka bwino koma olakwika, ndipo sizidandaula chilichonse. Malo amene zimalakwitsa kwambiri ndi pa nkhodolero, kachizindikiro kaja ka m'mwamba kamene timalemba mu ng'ombe, m'mudzi ndi n'chifukwa.

Chofunika ndi Python 3, yomwe ndi yaulere. Mukangoiika pa kompyuta, ntchito yonse yotsala siifuna intaneti. Pa foni ya Android mungagwiritse ntchito Pydroid 3, ngakhale kutaipa pa foni kumatopetsa. Nkhani yanunso iyenera kukhala fayilo ya zilembo zokhazokha, yothera ndi .txt. Fayilo ya Word yothera ndi .docx ndi phukusi lopanikizidwa, muli mafayilo ena angapo m'kati, choncho kapulogalamu kathu sikangaiwerenge mwachindunji. Itsekuleni mu Word, sankhani Save As, kenako Plain Text. Pakatuluka kabokosi kofunsa za kasungidwe ka zilembo, dinani Other encoding n'kusankha Unicode (UTF-8). Musadumphe sitepe imeneyi. Chifukwa chake chioneka kutsogoloku.

Musayambe ndi masamba 60 aja. Yambani ndi kankhani kamene mungathe kukawerenga ndi chala, chifukwa ndi kokhako kamene mungadziwe yankho lake lenileni. Sungani mizere itatu iyi mu fayilo ya `mayeso.txt`:

```
Asodzi a ku Makawa anapita m'madzi usiku.
M’madzi munalibe chambo, koma usipa unalipo.
"Chambo chasowa," anatero asodzi. Ng'ombe zinamwa madzi.
```

Onetsetsani mzere wachiwiri. Nkhodolero yake ndi yopindika, pamene ya mu mzere woyamba ndi wachitatu ndi yowongoka. Zaikidwa dala choncho, chifukwa ndi mmene zimakhalira nkhani ikataipidwa ndi anthu awiri, wina mu Word, wina pa foni.

Mukawerenga pamanja mupeza mawu 20. Atatu atuluka kawiri: asodzi, m'madzi ndi chambo. Otsala 14 atuluka kamodzikamodzi. Ndiye kuti mawu osabwereza ndi 17. Manambala awiriwa, 20 ndi 17, ndiwo muyezo wathu, ndipo njira iliyonse yosawabweretsa ndi yolakwika.

Njira yoyamba imene aliyense amaiganizira ndi kudula nkhani paliponse pamene pali mpata. Python ili ndi `split()` wochita zimenezo. Pa kankhani kathu imapereka zidutswa 20, zomwe n'zoona, koma imati zonse 20 n'zosiyana. Asodzi woyamba ndi chilembo chachikulu wakhala liwu lina, ndipo asodzi wa kumapeto, yemwe mpumiro wam'mamatira, wakhalanso lina. Chambo wina wanyamula mpatuliro, wina wanyamula mtengero kutsogolo. Kwa kompyuta, zinthu ziwiri zimafanana pokhapokha chilembo chilichonse chikafanana ndi chinzake.

Njira yachiwiri, imene imapezeka m'zitsanzo zambiri, ndi kusintha zilembo zonse kuti zikhale zazing'ono, kenako n'kutola magulu a zilembo ndi kachitsanzo ka `\w+`. Kachitsanzoka kamatanthauza zilembo kapena manambala otsatizana. Mipumiro ndi mipatuliro imachokadi, asodzi ndi chambo amakhala 2 aliyense. Koma nkhodolero siili m'gulu la zilembo, choncho imadula mawu pakati. Ng'ombe amasanduka mawu awiri, ng ndi ombe. M'madzi amakhala m ndi madzi. Zotsatira zake ndi mawu 23 m'malo mwa 20, osabwereza 18, madzi akukwera kufika pa 3, ndipo m, yemwe si liwu n'komwe, watuluka kawiri. Pa nkhani yaitali ya Chichewa, m, n ndi ng amakwera pafupi ndi pamwamba pa mndandanda. Mukawaona pamenepo, dziwani kuti nkhodolero yadula mawu.

Ena akaona zimenezi amangofufuta nkhodolero zonse asanawerenge. Njirayi ndi yoipa kuposa yoyamba ija, chifukwa kulakwa kwake sikuoneka. M'bale amakhala mbale, ndipo abale onse otchulidwa m'nkhani amaphatikizidwa ndi ziwiya zodyera. Pamndandanda mudzangoona mbale ali ndi nambala yaikulu, popanda chokuchenjezani.

Kapulogalamu koyenera ndi aka. Kasungeni ngati `werenga.py` mu foda imodzi ndi fayilo ya nkhani:

```python
import re, unicodedata
from collections import Counter

with open("mayeso.txt", encoding="utf-8") as f:
    nkhani = f.read()

nkhani = unicodedata.normalize("NFC", nkhani).lower()
for c in "’‘ʼ`´":
    nkhani = nkhani.replace(c, "'")

mawu = re.findall(r"[a-zŵ]+(?:'[a-zŵ]+)*", nkhani)
kaundula = Counter(mawu)

print(len(mawu), len(kaundula))
for liwu, kangati in kaundula.most_common():
    print(kangati, liwu)
```

Pa Windows, tsekulani Command Prompt, lowani mu foda ija ndi lamulo la `cd`, kenako lembani:

```
py werenga.py
```

Mzere woyamba wa zotsatira uyenera kukhala 20 17. Pansi pake pabwera 2 asodzi, 2 m'madzi, 2 chambo, kenako mawu 14 aja, lililonse ndi 1. Mawu ofanana nambala amatsatana monga anayambira kupezeka m'nkhani. Mukaona uthenga wa `FileNotFoundError`, kawirikawiri ndiye kuti muli mu foda ina, kapena Windows wabisa mathero a dzina ndipo fayilo yanu ikutchedwa `mayeso.txt.txt`.

Mtima wa kapulogalamuka ndi mzere wa `re.findall`. M'malo mouza kompyuta zinthu zoti ichotse, tikuiuza maonekedwe a liwu, ndipo chilichonse chosaoneka choncho imachisiya. Gawo loyamba, `[a-zŵ]+`, likuti: tenga chilembo chimodzi kapena zingapo zotsatizana, kuyambira a mpaka z, kuphatikizapo ŵ. Gawo lachiwiri likuti: ngati patsogolo pali nkhodolero, ndipo nkhodoleroyo yatsatidwa pomwepo ndi zilembo zina, zitengenso. Kanyenyezi ka kumapeto kakulola gawo lachiwirili kusapezeka, kupezeka kamodzi, kapena kubwereza. N'chifukwa chake madzi amadutsa, m'madzi amadutsa, ndipo pang'onopang'ono, yemwe ali ndi nkhodolero ziwiri, amadutsa wathunthu.

Lamulo loti nkhodolero ikhale ndi zilembo mbali zonse ziwiri lili ndi phindu linanso. Olemba ena amagwiritsa ntchito kachizindikiro komweko ngati mitengero ya mawu oyankhulidwa, monga 'chambo chasowa'. Poti koyambako kalibe chilembo kumbuyo, ndipo komalizako kalibe chilembo kutsogolo, tonse tiwiri timasiyidwa panja. Chimene lamuloli silingakonze ndi wotaipa amene amasiya mpata pambuyo pa nkhodolero, n'kulemba m' mudzi. Apo mudzapezabe m wapayekha, ndipo koyenera kukonza ndi m'nkhani momwemo.

Mzere wa `for c in` uli pamwamba pa `re.findall` umasintha mitundu isanu ya kachizindikiroka kuti ikhale mtundu umodzi. Pa maso pathu zonse ndi nkhodolero, koma m'kaundula wa zilembo wa Unicode chilichonse chili ndi nambala yakeyake. Yowongoka ya pa kiyibodi ndi U+0027. Yopindika, imene Word imaika yokha munthu akamataipa, ndi U+2019. Palinso U+2018 yoyang'ana kwina, U+02BC, ndi tiwiri tija topendekeka timene anthu ena amadina molakwitsa. Kuti muone kufunika kwa mzerewu, uchotseni pamodzi ndi mzere wa `replace` uli pansi pake n'kuyendetsanso kapulogalamu. Mupeza 21 18: m'madzi woyamba wakhala wathunthu, wachiwiri wadulidwa kukhala m ndi madzi. Kulakwa kwa theka kotereku n'kovuta kukugwira pa nkhani yaitali, chifukwa mawu okhala ndi nkhodolero amaonekabe pamndandanda ndipo munthu amaganiza kuti zonse zili bwino.

Za `lower()` n'zachidule: amasintha zilembo zazikulu kukhala zazing'ono, ndipo Ŵ amamudziwa. Mtengo wake ndi wakuti mayina a anthu ndi malo amasakanikirana ndi mawu wamba. Mphatso, dzina la munthu, awerengedwa pamodzi ndi mphatso yopatsana. Pa ntchito zambiri izi n'zopirika, chifukwa kusiya zilembo zazikulu kungagawe pawiri liwu lililonse loyambitsa chiganizo.

`Counter` ndiye wowerenga weniweni. Amachita ngati mlembi wa pa doko amene ali ndi kope: dzina la nsomba likabwera koyamba amalilemba n'kuika kamzere kamodzi, likabweranso salilembanso, amangowonjezera kamzere. Choncho `len(mawu)` ndi mawu onse, `len(kaundula)` ndi mawu osabwereza, ndipo `most_common()` amawasanja kuyambira lochuluka. Mukafuna 50 oyamba okha, lembani `most_common(50)`.

Tsopano za ŵ, yemwe ali ndi mavuto awiri osiyana.

Loyamba ndi la kompyuta. Chilembochi chingasungidwe m'njira ziwiri: ngati chinthu chimodzi, U+0175, kapena ngati w wamba wotsatidwa ndi kadenga kapadera, U+0302, kamene kamakhala pamwamba pake. Pa sikirini n'zofanana ndendende. Koma kadenga kapaderako sikali m'gulu la zilembo zimene tatchula, choncho nthaŵi wolembedwa m'njira yachiwiri amadulidwa kukhala nthaw ndi i. Mzere wa `normalize("NFC", ...)` umaphatikiza ziwirizo kuti zikhale chilembo chimodzi kuwerenga kusanayambe. Mukaona i, a kapena e apaokha atachuluka modabwitsa, pamodzi ndi mawu othera ndi w, kayang'aneni mzerewu. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, choncho liwu lothera ndi w ndi chizindikiro chodalirika kuti china chaduka.

Lachiwiri ndi la anthu. Mabuku ena amalemba nthaŵi, aŵiri ndi Malaŵi, pamene olemba ambiri masiku ano amalemba nthawi, awiri ndi Malawi. Ngati nkhani yanu inasonkhanitsidwa kuchokera kwa olemba angapo, liwu limodzi ligawika pawiri. Mungawaphatikize powonjezera mzere umodzi pambuyo pa `lower()`:

```python
nkhani = nkhani.replace("ŵ", "w")
```

Koma ganizani kaye. Zolembedwa za kuno ku Mangochi nthawi zambiri zimakhala ndi ziganizo za Chiyao, ndipo m'Chiyao ŵ ndi wofala kwambiri, monga mu ŵandu. Ngati cholinga chanu ndi kuona mawu a Chiyao amene amalowa m'mayankhulidwe a asodzi, ŵ ndi chimodzi mwa zinthu zokuthandizani kuwazindikira, ndipo kumufafaniza n'kudzichotsera chida. Ngati nkhaniyo ndi ya Chichewa chokha ndipo mukufuna kuchuluka kwa mawu, aphatikizeni. Chimene mwasankha chilembeni pamwamba pa kapulogalamu pa mzere woyamba ndi `#`, kuti wina akadzayerekeza manambala ake ndi anu adzadziwe pamene mwasiyanira.

Kankhani ka mayeso kakabweretsa 20 17, sinthani dzina la fayilo n'kuika masamba 60 aja. Apa ndi pamene nkhani ya UTF-8 imaonekera. Fayilo pa disiki ndi manambala okhaokha otchedwa mabaiti, ndipo pamafunika lamulo losinthira manambalawo kukhala zilembo. Mukasiya kulemba `encoding="utf-8"`, Python ya pa Windows kawirikawiri imagwiritsa ntchito lamulo lakale la cp1252, limene limatenga baiti iliyonse ngati chilembo chimodzi. Mu UTF-8, ŵ ndi mabaiti awiri, choncho amaoneka ngati Åµ. Nkhodolero yopindika ndi mabaiti atatu, ndipo imaoneka ngati â€™. Poti kachitsanzo kathu sikadziwa zilembo zachilendozi, nthaŵi amasanduka ntha ndi i, m’madzi amadukanso. Nthawi zina kapulogalamu kamaima ndi uthenga wonena za `byte 0x9d`. Imeneyo ndi baiti yomaliza ya mtengero wopindika wotsekera, imene cp1252 alibe chilembo chake. Kuima koteroko kuli bwino kuposa kupitiriza mwakachetechete.

Zimachitikanso mobwerera. Fayilo ikasungidwa m'njira yakale ija, imene Notepad amaitcha ANSI, inu n'kuiwerenga ngati UTF-8, mudzaona uthenga wonga uwu:

```
UnicodeDecodeError: 'utf-8' codec can't decode byte 0x92
```

Baiti ya 0x92 ndi nkhodolero yopindika mu cp1252. Pali malangizo ofala oti muwonjezere `errors="ignore"` kuti uthengawo uchoke. Musatero pa Chichewa. Mawu amenewo amauza Python kutaya baiti iliyonse imene sakuimvetsa, ndipo baiti imene ikutayidwa pano ndi nkhodolero. Mwabwerera ku m'bale wosanduka mbale. Tsekulani fayiloyo mu Notepad, sankhani Save As, pansi pa Encoding muike UTF-8, musunge.

Mndandanda wautali suwerengeka bwino pa windo lakuda lija. Usungeni mu fayilo yotsekuka mu Excel powonjezera mizere iyi kumapeto:

```python
import csv
with open("zotsatira.csv", "w", encoding="utf-8-sig", newline="") as f:
    csv.writer(f).writerows(kaundula.most_common())
```

Mawu a `utf-8-sig` amaika kachizindikiro kobisika kumayambiriro kwa fayilo kamene kamauza Excel kuti iyi ndi UTF-8; popanda iko, ŵ adzaonekanso ngati Åµ ngakhale kuwerenga kunali kolondola. `newline=""` amaletsa mizere yopanda kanthu kulowa pakati pa Windows.

Mndandanda ukatuluka, musayambe kuukhulupirira. Uyeseni kaye. Choyamba, yerekezani nambala ya mawu onse ndi imene Word amaonetsa pansi pa tsamba. Sizifanana ndendende, chifukwa Word amawerenganso manambala monga 2023 ndi K500, pamene kachitsanzo kathu kamataya manambala n'kutsala ndi k yekha. Kusiyana pang'ono n'kwachibadwa. Koma nambala yanu ikaposa ya Word ndi mazanamazana, pali chimene chikudula mawu.

Chachiwiri, funsani kompyuta kuti ikuonetseni zimene yasiya panja:

```python
print(Counter(re.findall(r"[^a-zŵ'\s]", nkhani)).most_common())
```

Mzerewu umawerenga chizindikiro chilichonse chimene sichili chilembo chathu, nkhodolero kapena mpata. Muyembekezere mipumiro, mipatuliro, mitengero ndi manambala. Mukaona â kapena å, fayilo yawerengedwa ndi lamulo lolakwika. Mukaona é kapena ã, muli mayina a Chipwitikizi, zomwe sizodabwitsa m'boma loyandikana ndi Mozambiki, ndipo mayinawo akudulidwa pakati. Wonjezerani zilembozo m'mabokosi onse awiri a kachitsanzo, pambali pa ŵ. Mukaona kachizindikiro kofanana ndi nkhodolero kali ndi nambala yaikulu, mwapeza mtundu wachisanu ndi chimodzi, ndipo kaikeni pa mzere wa `for c in`.

Chachitatu, pitani kumchira kwa mndandanda, kwa mawu otuluka kamodzi, muwerengeko 200 ndi maso. Kumeneko ndi kumene kumabisala zolakwika potaipa, mawu awiri omatana, ndi zidutswa. Nkhani yokopedwa kuchokera mu PDF imabweretsa zidutswa zambiri, chifukwa liwu lodulidwa kumapeto kwa mzere, monga anakamba- kenako nso pa mzere wotsatira, limawerengedwa ngati mawu awiri. Mungawalumikize ndi `nkhani = nkhani.replace("-\n", "")` musanawerenge. PDF ili ndi msampha winanso kumutu kwa mndandanda: mutu wa lipoti wobwerezedwa pamwamba pa tsamba lililonse. Lipoti la masamba 60 lokhala ndi mawu oti usodzi m'mutu wake liwonjezera 60 pa liwu limenelo popanda munthu aliyense kulitchula. Mukaona mawu atatu kapena anayi ali ndi nambala yofanana, yoyandikira chiwerengero cha masamba, achotseni m'nkhani.

Mdulamawu wa pakati pa liwu ndi chisankho china. Olemba amalemba pang'onopang'ono, pang'ono pang'ono ndi pang'ono-pang'ono. Kapulogalamu kathu kamawerenga woyamba ngati liwu limodzi, ndipo awiri enawo ngati pang'ono kawiri. Palibe yankho limodzi lolondola apa, bola mudziwe chimene chikuchitika.

Mndandanda woyera umakhala ndi maonekedwe odziwika. Pamwamba pamakhala timawu tolumikizira monga ndi, kuti, a, ku, pa, wa ndi za, tili ndi manambala aakulu. Manambalawo amatsika msanga, kenako pamabwera mchira wautali kwambiri. George Kingsley Zipf anafotokoza kakhalidweka m'mabuku ake a 1935 ndi 1949: mongoyerekeza, liwu lachiwiri limatuluka theka la loyamba, lachikhumi limatuluka gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa zolembedwa zambiri, pafupifupi theka la mawu osabwereza limakhala la mawu otuluka kamodzi kokha. Musadabwe nazo, ndipo musaganize kuti kapulogalamu kalakwa.

M'Chichewa mchirawu umatalika kwambiri chifukwa cha mmene mneni amamangidwira. Anagula, adzagula, sanagule, tikugula ndi akawagulire ndi mawu asanu osiyana kwa kompyuta, ngakhale onse akukamba za kugula. Ndiye nambala ya mawu osabwereza siikuuzani kuti wolemba amadziwa mawu angati. Ikukuuzani kuti wagwiritsa ntchito maonekedwe angati a mawu. Zikutanthauzanso kuti mneni wofunika m'nkhani angathe kusaoneka pa mawu 50 oyamba chifukwa wamwazika m'maonekedwe 30, pamene dzina ngati chambo, lomwe silisinthasintha, lakwera pamwamba.

Kuti musonkhanitse maonekedwe a mneni mmodzi, sakani tsinde lake m'kaundula:

```python
for liwu, kangati in kaundula.most_common():
    if "gul" in liwu:
        print(kangati, liwu)
```

Musaphatikize manambalawo musanawerenge mndandandawo. Mutuluka anagula ndi tikugula, komanso kugulitsa, yemwe pa nkhani ya malonda a nsomba ndi mbali ina ya msika. Mutulukanso gulu, magulu ndi gule, omwe sakukhudzana ndi kugula. Pa zolembedwa za misonkhano, gulu yekha angapose mitundu yonse ya kugula. Sankhani ndi dzanja amene mukuwafuna, kenako phatikizani. N'chimodzimodzi ndi m' wa malo. Kungakhale kwanzeru kuwerenga m'madzi pamodzi ndi madzi, koma lamulo lochotsa m' paliponse lisandutsa m'bale kukhala bale ndi m'busa kukhala busa.

Pali chinanso chimene kapulogalamuka sikangaone: liwu limodzi la matanthauzo awiri. Mtengo wa ndowa ya usipa ndi mtengo wosemera bwato amagwera pa mzere umodzi. Ndi wolumikiza mayina awiri ndi ndi wa mu chiganizo choti chambo ndi nsomba amawerengedwa pamodzi. Ngati ganizo lanu likudalira liwu lotere, bwererani m'nkhani, mulisake, muwerenge ziganizo zake.

Poyerekeza nkhani ziwiri zosiyana kutalika, manambala osaphika amanyenga. Tinene kuti zolembedwa za ku Malombe zili ndi mawu 6,000 ndipo ukonde watuluka ka 30, pamene za ku Makawa zili ndi mawu 15,000 ndipo watuluka ka 45. Zikuoneka ngati a ku Makawa anaukamba kwambiri. Gawani nambala ya liwu ndi mawu onse, muchulukitse ndi 1,000: ku Malombe ndi 5 pa mawu 1,000 aliwonse, ku Makawa ndi 3. Nambala ya mawu osabwereza yokha siingakonzedwe mwanjira imeneyi, chifukwa nkhani ikamatalika mawu atsopano amabwera mocheperachepera. Kuti muyerekeze chilungamo, tengani mawu ochuluka mofanana mbali zonse, monga `Counter(mawu[:6000])` pa nkhani iliyonse.

Kukula kwa fayilo sikudetsa nkhawa pa ntchito zambiri. Masamba 60, ngakhale buku lathunthu la mawu 100,000, ndi zochepa kwa kompyuta yakale ya mu ofesi. `f.read()` amayamba kulemera pokhapokha fayilo ikafika mamegabaiti mazanamazana, chifukwa amaika nkhani yonse m'chikumbutso nthawi imodzi. Zikatero, yambani ndi `kaundula = Counter()`, werengani fayilo mzere ndi mzere ndi `for mzere in f`, yeretsani mzere uliwonse monga tachitira, kenako perekani mawu ake kwa `kaundula.update()`. Mawu onse muwapeza ndi `sum(kaundula.values())`. Kumbukirani kuti kulumikiza mawu odulidwa a mu PDF sikugwira m'njira imeneyi, chifukwa theka lachiwiri la liwu lili pa mzere umene sunawerengedwe. Konzani zimenezo mu fayilo musanayambe, ndipo yendetsani kapulogalamu katsopanoka pa `mayeso.txt` kaye kuti muone ngati kakubweretsabe 20 ndi 17.